Batani la kiyibodi likamabwereza chilembo lokha: mmene mungadziwire pamene pali vuto

Laputopu ikayamba kulemba "eeeeeeee" popanda woikhudza, kapena ikamatulutsa zilembo ziwiri pamene mwadina kamodzi, anthu ambiri kuno ku Kasungu amathamangira kunena kuti yalowa vayirasi, ndipo amakalipira kuti ifufutidwe n'kuikidwanso Windows. Ndalama zimapita, nthawi zina mafayilo amatayika nawo, koma ikangoyatsidwanso chilembo chija chimayambiranso kubwereza monga kale. Chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi batani lenilenilo kapena njira za magetsi zimene zili pansi pake, ndipo umboni wake umakhala pa sikirini pomwepo, m'kabwerezedwe ka zilembozo. Munthu akaphunzira kuwerenga kabwerezedweko amatha kudziwa pamene pali vuto asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Kuti muwerenge bwino, muyenera kudziwa kaye zimene zimachitika mukadina batani. Pansi pa mabatani a laputopu zambiri ndi makiyibodi wamba a pa desiki pali timapepala tapulasitiki topyapyala tokhala ndi njira za magetsi, zina zopingasa ndi zina zotsika, zolukana ngati mkeka. Batani lililonse lili pamene njira ziwiri zadutsana. Mukalidina, kamphira kooneka ngati kachipewa kamene kali pansi pake kamaphwatalala n'kugunditsa njira ziwirizo, ndipo kachipangizo koyang'anira kiyibodi kamadziwa kuti batani lakuti latsika. Mukachotsa chala, kamphira kaja kamadzuka, njira zija zimalekana, ndipo kompyuta imalandira uthenga wachiwiri wonena kuti batani lakwera. Choncho kudina kumodzi kuli ndi mauthenga awiri, wotsika ndi wokwera, ndipo mavuto onse amene tikambirane amachokera pa kusokonekera kwa mauthenga awiriwa.

Ngati uthenga wotsika wafika koma wokwera sukubwera, kompyuta imaona ngati mwagwira batanilo mwadala, ndiye imadikira pang'ono kenaka n'kuyamba kubwereza chilembocho. Pa Windows kudikiraku kumakhala pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi ndi sekondi yathunthu, malingana ndi mmene mwatcherera, ndipo liwiro la kubwereza limayambira pa zilembo pafupifupi 2 kufika pafupifupi 30 pa sekondi. Kubwerezaku si matenda ayi, kunaikidwa dala kuti munthu azitha kufufuta mzere wonse pongogwira batani limodzi. Vuto limakhalapo pamene batani lagwiridwa ndi chinthu china osati chala chanu.

Kabwerezedwe koyamba, kamenenso n'kosavuta kukazindikira, ndi mzere wautali wa chilembo chimodzi umene umayenda pa liwiro losasintha. Chilembo chimodzi chimatuluka, pamakhala kampata kakafupi, kenaka zinzake zimatsatira motsatizana bwinobwino osafulumira kapena kuchedwa. Mukadina batani lina lililonse la chilembo, mzerewo nthawi zambiri umaima, chifukwa kompyuta imabwereza batani lokhalo limene latsika pomaliza. Ndipo umadzayambiranso batani lovutalo likalekana pang'ono n'kugundanso. Pali njira yachidule yotsimikizira zimenezi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani lamulo ili, kenaka dinani Enter:

```
control keyboard
```

Pa zenera limene litseguke, kokerani "Repeat rate" kumbali ya "Slow" n'kudina "Apply". Ngati mzere wa zilembo uja tsopano ukuyenda mochedwa mogwirizana ndi mmene mwatcherera, ndiye kuti kompyuta ikungomvera batani limene ikuliona kuti lili pansi. Pulogalamu yoipa imene ikanamalemba yokha zilembo ilibe chifukwa chotsatira liwiro limene mwasankha, ndiponso ilibe phindu lililonse polemba chilembo chimodzimodzicho tsiku lonse.

Kabwerezedwe kachiwiri n'kobisika, ndipo ndi kamene kamavutitsa kwambiri anthu olemba makalata ndi mayina. Apa palibe mzere wautali, koma mukadina kamodzi pamatuluka zilembo ziwiri, mwina zitatu, ndipo sizichitika nthawi zonse. Njira ziwiri za magetsi zikamagundana sizikhazikika nthawi yomweyo, zimanjanja kwa kanthawi kochepa kwambiri, choncho makiyibodi anapangidwa kuti azinyalanyaza kunjanjako kwa mamilisekondi ochepa, kawirikawiri pafupifupi 5 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Pogundanapo pakatha, pakachita dzimbiri kapena pakalowa litsiro, kunjanjako kumatalika kupitirira nthawi imene kiyibodi imanyalanyaza, ndiye kudina kumodzi kumawerengedwa kawiri. Chimene chimasonyeza kuti apa vuto lili m'batani ndi nthawi yake. Chilembo chachiwiri chimatulukira pamodzi ndi choyamba, pamene kubwereza kwa Windows sikungayambe kusanathe gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi ngakhale mutatchera pofulumira kwambiri. Chifukwa chake kusintha "Repeat delay", kumene ndi kudikira kuja, kapena "Repeat rate" sikuthandiza konse pa vuto la mtundu umenewu, ndipo kulephera kwake kuthandizako ndi umboninso.

M'Chichewa vutoli limachedwa kuoneka chifukwa tili ndi mawu ambiri okhala ndi zilembo ziwiri zofanana, monga "kuuza", "zoona" ndi "maanja", moti diso limadutsa pa "kuulemba" kapena "zookolola" osaima. Pa manambala ndiye n'zoopsa kwambiri, pakuti batani la 0 likabwereza kamodzi kokha, K20,000 imasanduka K200,000 ngati simukuika makoma, ndipo cholakwikacho chimadzaonekera pa tsiku lowerengera ndalama.

Kabwerezedwe kachitatu ndi pamene batani limodzi likutulutsa chilembo chake pamodzi ndi china chimene simunachidine, ndipo chimakhala chomwechomwecho nthawi zonse, kapena pamene gulu la mabatani angapo lafera limodzi. Izi zimasonyeza kuti njira ziwiri za magetsi zalumikizana pamalo olakwika, kawirikawiri chifukwa cha madzi, tiyi kapena thobwa limene linalowa n'kuuma, kapena kuti lamba wopyapyala wolumikiza kiyibodi ku bolodi lalikulu la laputopu wasuntha kapena wathyoka. Musadabwe ngati zilembo zotulukira pamodzizo sizili moyandikana pa kiyibodi, chifukwa kayalidwe ka njira za pansi kamasiyana malingana ndi wopanga ndipo sikatsata ndendende mizere ya mabatani imene tikuiona pamwamba. Chofunika n'chakuti awiriwo amayendera limodzi nthawi zonse.

Mwa zitatu zonsezi pali mfundo imodzi yofanana, yakuti vuto limakhala pa batani lomwelo kapena pa gulu lomwelo, m'pulogalamu iliyonse imene mwatsegula. Ngati lero likubwereza "k", pakapita mphindi "m", kenaka batani lofufutira, makamaka pamene kompyuta yaima kaye kapena ikulemedwa ndi ntchito, musafulumire kuimba mlandu mabatani. Kompyuta yolemedwa imatha kuchedwa kulandira uthenga wokwera, ndipo kiyibodi yopanda waya imene mabatire ake atha mphamvu imatha kutaya uthengawo panjira, ndiye chilembo chilichonse chimene munali kudina panthawiyo ndi chimene chimabwerezedwa. Chimodzimodzinso ngati J, K ndi L zikutulutsa 1, 2 ndi 3 pa laputopu yaing'ono, palibe chathyoka, Num Lock, imene imasandutsa mabatani ena kukhala a manambala, ndiyo yayaka, ndipo ngati @ ndi " zasinthana malo, ndiye kuti Windows yatcheredwa pa kiyibodi ya ku Britain pamene yanu ndi ya ku America, kapena mosemphanitsa.

Pali mabatani ena amene akakanirira satulutsa chilembo chilichonse, ndipo amenewa ndi amene amachititsa anthu kukhulupirira za vayirasi. Shift ikakhala pansi zilembo zonse zimatuluka zazikulu ndipo manambala amasanduka zizindikiro. Ctrl ikakhala pansi, kudina S kumatsegula posungira fayilo, kudina P kumatsegula posindikizira, ndipo kupukusa kagudumu ka mawusi kumakulitsa kapena kuchepetsa zolemba. Batani la Windows likakanirira, kudina L kumatseka sikirini ndipo kudina D kumabisa mazenera onse. Mukaona zotere, tsegulani kiyibodi ya pa sikirini, imene Windows imaitcha On-Screen Keyboard, poifufuza ndi mawusi pa Start, popeza batani lokaniriralo limasokoneza kulemba lamulo, ndipo muone ngati Shift, Ctrl kapena Alt ikuoneka yowala musanaikhudze.

Tsopano titsate nkhani imodzi kuchokera poyambira. Mlembi wa kalabu ina ya alimi a mtedza ndi soya cha ku Santhe anabwera ndi laputopu yogula yogwiritsidwapo kale, akudandaula kuti mawu oti "mbewu" akutuluka "mbeewu" ndiponso kuti mayina a mamembala m'kaundula akuonongeka. Poyamba ankaganiza kuti ndi zala zawo. Chinawadzidzimutsa n'chakuti m'mawa wina malo olembapo pasiwedi anadzaza timadontho okha, ndipo sakanatha kulowa mpaka atadina batani lina kuti mzerewo uime, n'kufufuta zonse, n'kulemba mofulumira. Pamenepo panali kale zizindikiro ziwiri, kuwirikiza ndi mzere wautali, ndipo funso linali lakuti kodi zonsezi zikuchokera pa batani limodzi.

Choyamba chinali kutsegula Notepad, chifukwa ilibe zambiri zosokoneza monga mapulogalamu akuluakulu olembera, n'kudina batani lililonse lokayikitsa maulendo 20 pa mzere wakewake, mosathamanga ndi mwamphamvu yofanana. W inatulutsa zilembo 20, R 20, D 20, koma E inatulutsa 27. Podina E pakona yakumanzere, batanilo linkakwera mochedwa poyerekeza ndi anzake ndipo linkamveka lolemera pang'ono pa chala. Litasiyidwa choncho, mzere wa "eeee" unayamba wokha, ndipo unaima batanilo litanyamulidwa ndi chikhadabo. Kuyesa kumeneku sikufuna chida chilichonse ndipo sikutenga mphindi zisanu, koma kunasonyeza kuti mabatani oyandikana nalo ali bwino, kutanthauza kuti si njira yonse ya magetsi imene yavuta koma malo amodzi okha.

Chachiwiri chinali kuchotsa Windows pa mlandu. Njira yake ndi kuyesa kiyibodi pamalo amene Windows sinayambe kugwira ntchito. Mungalowe mu BIOS, malo otcherera zoyambira za kompyuta, laputopu ikangoyaka, podina F2 pa Dell, F10 pa HP kapena F1 pa ThinkPad, ngakhale kuti m'menemo chilembo chimaoneka pokhapokha pali malo olembapo, ndipo muyenera kusamala kuti musaike pasiwedi ya BIOS mwangozi poyesapo. Laputopu zambiri za HP zili ndi poyesera zida pamene pamatseguka mukadina Esc kenaka F2 poyatsa, ndipo pali poyesera kiyibodi. Njira imene imaonetsa zambiri ndi kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashi yokhala ndi Linux, imene imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, n'kutsegula polembera malamulo, n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ya evtest imene imasonyeza uthenga uliwonse wochokera ku kiyibodi pamodzi ndi nthawi yake:

```
sudo evtest
```

Mukasankha kiyibodi pa mndandanda umene ubwere, kudina kulikonse kumaoneka. Nambala ya kumapeto ikakhala 1 batani latsika, ikakhala 0 lakwera, ndipo ikakhala 2 likubwerezedwa chifukwa lagwiridwa. Pa laputopu ya mlembi uja kudina E kamodzi kunkatulutsa mizere yonga iyi, titachotsa ina yapakati yosafunika pano:

```
Event: time 1718000052.104211, type 1 (EV_KEY), code 18 (KEY_E), value 1
Event: time 1718000052.131870, type 1 (EV_KEY), code 18 (KEY_E), value 0
Event: time 1718000052.143502, type 1 (EV_KEY), code 18 (KEY_E), value 1
Event: time 1718000052.209377, type 1 (EV_KEY), code 18 (KEY_E), value 0
```

Yang'anani mzere wachiwiri ndi wachitatu. Batani lakwera kenaka latsikanso patangopita mamilisekondi pafupifupi 12, ndipo palibe chala cha munthu chimene chingachoke pa batani n'kubwereranso m'kanthawi kotero. Popeza izi zinkachitika Windows ndi mapulogalamu ake onse asakugwira ntchito, kufufuta kompyuta sikukanasintha kanthu.

Ena amayesa polumikiza kiyibodi ina ya USB, ndipo ndi kuyesa kwabwino, koma kumafuna kukuwerenga molondola. Ngati E ya pa kiyibodi yakunjayo ikutulutsa zilembo 20 pa kudina 20, zatsimikizika kuti kuwirikiza kuli m'kiyibodi ya laputopu. Koma mzere wautali ukapitirira kutuluka ngakhale mwalumikiza yakunja, musanene kuti ndiye vuto si kiyibodi, chifukwa ya m'kati imakhala ikugwirabe ntchito ndipo batani lake lokanirira limapitiriza kutumiza uthenga. Pa kompyuta ya pa desiki nkhani n'njophweka: zulani kiyibodi yokayikitsayo, ikani ina, ndipo yokayikitsayo mukaiyese pa kompyuta ina. Vuto likatsatira kiyibodi, mwalipeza.

Chachitatu chinali kuyang'ana pansi pa batani. Laputopu izimitsidwe kotheratu, chaja ichotsedwe, ndipo batire ngati ndi lochotseka lichotsedwenso. Chivundikiro cha batani chimachoka mukalowetsa chikhadabo kapena kapulasitiki kopyapyala pansi pa kona n'kunyamula pang'onopang'ono mpaka timano take titamasuka. Pansi pake pali timapulasitiki tiwiri topingasana tomwe timachititsa batani kukwera ndi kutsika mowongoka, ndipo timeneti timathyoka msanga, choncho jambulani ndi foni mmene takhalira musanatikhudze. Pa E ya mlembi uja panali kakhungu kofiira ka mtedza katakanirira pa mfundo ya timapulasitiki tija, ndiponso fumbi lomatirira pa zotsalira za tiyi wa shuga zozungulira kamphira. Fumbi la m'chilimwe lokha silimatirira kwambiri, koma likakumana ndi shuga limapanga phala limene limagwira batani, ndipo shugayo amaitananso nyerere.

Poyeretsa, gwiritsani ntchito kaburashi kofewa kouma kuchotsa zinyalala, kenaka kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi mowa woyeretsera zipangizo zamagetsi, umene pa botolo amalemba kuti isopropyl alcohol. Kathonjeko kakhale konyowa chabe osati kodontha. Musathire madzi, mafuta a makina kapena parafini, ndipo musakoke kamphira, chifukwa kamamatidwa pa pepala la pansi ndipo kakachoka n'kovuta kukabwezera bwino. Musaumitse ndi moto kapena kuika laputopu padzuwa la mwezi wa Okutobala. Mowawo umauma wokha m'mphindi zochepa. Kenaka ikani chivundikiro pamalo pake mowongoka n'kudina mpaka chitamveka kuti chalowa mbali zonse.

Zotsatira zake zinaphunzitsa chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Mzere wautali wa "eeee" unatheratu, chifukwa chimene chinkagwira batani chinali chitachoka. Koma pobwereza kuyesa kwa mu Notepad, E inatulutsabe zilembo zoposa 20. Zimenezi zikutanthauza kuti panali mavuto awiri pa batani limodzi: lapamwamba, limene burashi imafikapo, ndi la m'kati mwa timapepala tija, pamene tiyi analowa n'kuononga pogundana. Timapepalato n'tomatidwa, ndipo sitikonzeka modalirika. Apa ine ndimalangiza kusintha kiyibodi yonse osataya nthawi ndi kuyeretsa mobwerezabwereza, pakuti kuchotsa ndi kubwezera chivundikiro kambirimbiri kumangothyola timano take.

Podikira kiyibodi yatsopano pali zothandiza kwakanthawi, koma chilichonse chili ndi malire ake. Windows ili ndi Filter Keys, imene imatha kunyalanyaza kudina kwachiwiri kwa batani lomwelo kukabwera mofulumira, ndipo imayaka mukagwira Shift yakumanja kwa masekondi 8. Imabisadi kuwirikiza, koma imamezanso zilembo ziwiri zimene mwazifuna, moti "zoona" imatuluka "zona" ndipo 20000 imataya maziro ngati mukulemba mwachangu. Kwa wolemba ndalama, mankhwalawa ndi oopsa mofanana ndi matendawo. Kuchotsa kiyibodi ya m'kati kudzera mu Device Manager, poyang'anira zida za kompyuta pa Windows, nakonso sikukhalitsa, chifukwa Windows imaibwezera mukayatsanso. Njira yodalirika ndi yakuti mmisiri azule lamba wa kiyibodi ya m'kati pa bolodi, inu muzigwiritsa ntchito ya USB. Kuzula lambayo ndi kuyesanso komaliza, chifukwa zilembo zikapitirira kutuluka zokha kiyibodi ya m'kati itazulidwa, vuto lili pa bolodi lenilenilo kapena pa polowera lambayo, ndipo kugula kiyibodi yatsopano kukanakhala kutaya ndalama.

Pogula, musadalire dzina la laputopu lokha. Nambala ya kiyibodi imalembedwa kuseri kwake, ndipo muyenera kufananitsanso maonekedwe a batani la Enter ndi kukula kwa lamba, popeza laputopu za dzina limodzi zimabwera ndi makiyibodi osiyana malingana ndi dziko limene zinagulitsidwa. Pa laputopu zakale kiyibodi imachoka ndi timasikuluwu tochepa kapena timano, koma pa zambiri zatsopano inamatidwa ku chivundikiro chonse chapamwamba, ndipo funsani zimenezi musanagwirizane mtengo.

Pali chinthu chimodzi chimene mmisiri ayenera kuona asanaike kiyibodi yatsopano, makamaka ngati mabatani ovuta ali m'mizere yapansi ndipo pamalo oyendetsera chala m'malo mwa mawusi patukuka kapena pakuvuta kudina. Batire la m'kati likakalamba limatha kutupa n'kumakankha kiyibodi kuchokera pansi, ndipo mabatani angapo amayamba kudzidina okha. Ikani laputopu patebulo losalala muone ngati ikugwedera, ndipo yang'anani m'mbali ngati chivundikiro chayamba kulekana. Zikakhala choncho siyani kuitchaja nthawi yomweyo, musaboole kapena kupsinja batirelo chifukwa likhoza kuyaka moto, ndipo lisinthidwe kaye; kawirikawiri batire lotupalo likachoka mabatani aja amabwerera mwakale, ndiye mubwereze kuyesa kwa maulendo 20 mu Notepad musanaganize zogula kiyibodi.